Nyumba ili ku Area 49, mwini wake ali ku Joni: mlonda, mbale kapena wa lendi, inshuwalansi imamuona bwanji aliyense?

Ambiri amene timagwira ntchito kunja timalipira inshuwalansi ya nyumba chaka ndi chaka n'kumagona tulo, osadziwa kuti m'chikalata cha pangano muli ndime yonena za nyumba yosakhalamo anthu. Ndime imeneyi imati nyumba ikakhala yopanda munthu kwa masiku otsatizana angapo, kawirikawiri 30 kapena 60 malinga ndi kampani, chitetezo china chimaima pokhapokha mutawadziwitsa ndipo iwo avomera polemba. Zimene zimayamba kuchoka m'chitetezo ndi kuba, kuwononga dala, ndi madzi a paipi kapena giza yophulika. Mapangano ena amaimitsa chilichonse, ndi moto womwe. Funso lawo ndi limodzi: ndani amagona m'nyumbamo?

Tiyerekeze ndi nyumba ya zipinda zitatu ku Area 49, ya mpanda, kuseri kuli boyizi kota. Mwini wake ali ku Joni ndipo amabwera pa Khirisimasi pokha. Anailembetsa pa K60 miliyoni. Mu Ogasiti akuba alowa, asolola mawaya a magetsi kudenga, achotsa giza, masinki ndi zitseko za m'kati. Kukonza kukufuna K10 miliyoni.

Akanakhala kuti anangokhoma n'kusiya makiyi kwa mlongo wake wa ku Kawale amene amadzasesa Loweruka, ndiye kuti palibe chimene angalandire. Kubwera masana kudzatsegula mawindo sikukhala m'nyumba, ndipo wofufuza wa kampani savutika kuzindikira. Amayang'ana mmene mayunitsi a ESCOM akhala akugulidwira, bilu ya Lilongwe Water Board, fumbi, udzu wa pabwalo, kenako amacheza ndi aneba. Kutseka nyumba kumatheka ndithu, koma muyenera kuuza kampani musananyamuke. Ikavomera imalemba chikalata chowonjezera, nthawi zambiri n'kukweza ndalama yolipira ndi gawo limene mumadzilipirira nokha pa vuto lililonse. Imaikanso malamulo monga kutseka madzi pa mita, kukhuthula giza, ndi kuti munthu aziyendera nyumbayo pa nthawi yoikika. Ngakhale zitatero, ena amakutetezani ku moto ndi mphepo yokha, kuba ayi.

Njira imene imanyenga anthu ambiri ndi ya mlonda kapena wosamalira pakhomo wokhala ku boyizi kota. Mtima umakhazikika chifukwa usiku pamakhala munthu, nyale zikuyaka, galu akuuwa. Koma chimene munalembetsa ndi nyumba yaikulu, ndipo iyo ndi yokhoma. Kampani ina iwerenga munthu wa kuseriyo ngati wokhala pamalopo, ina ikana, ndipo kusiyana kwake kumagona pa mawu ochepa a m'pangano: kodi akunena za nyumba yogonamo, kapena malo onse a m'mpanda? Apa musadalire zimene buloka, mkhalapakati wa inu ndi kampani, wanena pa foni. Mulembereni momveka kuti nyumba yaikulu ndi yotseka, wantchito amagona kuseri masiku onse, ndipo mufunse ngati kuba kuli m'chitetezo. Yankho libwere lolembedwa.

Palinso msampha wachiwiri pa njira yomweyi. Inshuwalansi ya kuba imafuna umboni woti akubawo anathyola polowa kapena potuluka: loko wophwanyika, zitsulo za pawindo zodulidwa, malata okanganulidwa. Ngati mlonda anali ndi makiyi a nyumba yaikulu ndipo katundu watuluka chitseko chili bwinobwino, kampani inena kuti wakuba ndi wa pakhomo pomwepo, ndipo mapangano ambiri salipira kuba kwa wantchito wanu. N'chifukwa chake ine ndimati makiyi a nyumba yaikulu asakhale kwa mlonda, akhale kwa munthu wina wokhala kwina. Kumbukiraninso kuti mlondayo ndi wantchito wanu pamaso pa lamulo. Akamutema ndi zikwanje usiku wa chiwembucho, udindo wa chipukuta misozi uli pa inu monga womulemba ntchito, ndipo inshuwalansi ya nyumba siikhudza zimenezo ngati simunawonjezere chitetezo cha antchito. Munthu amene akuika moyo wake pachiswe chifukwa cha nyumba yanu sayenera kuiwalika pa chiwerengerochi.

Kuika mbale kuti azikhala m'nyumba yaikulu kumathetsa vuto la ndime ija mosavuta, bola akhale akugonamodi ndipo kampani idziwe kuti wokhalamo si inu. Chosokoneza ndi maulendo. Mphwanu akapita kumudzi ku Dowa kukalima mu Disembala n'kubwera mu Febuluwale, masiku aja akwana inu osadziwa, komanso ndi nyengo ya mvula imene denga limasasuka. Chinanso, abale amakonda kuyambitsa kenakake: kawokala pa mpanda, makina owotcherera zitsulo m'galaja, kapena kulowetsa ana a sukulu m'chipinda chimodzi kuti azilipira. Zimenezi zimasintha kagwiritsidwe ntchito ka nyumba, ndipo moto ukayambira pamenepo kampani ili ndi chifukwa chokanira. Katundu amene mbale wagulitsa yekha si nkhani ya inshuwalansi, ndi ya kubanja.

Wa lendi ndiye amapereka umboni woyera kuposa onse, chifukwa pali pangano la lendi losayinidwa, malisiti, ndi mita yoyenda. Muyenera kuuza kampani kuti nyumba ili pa lendi, ndipo mumalembetsa chimango chokha, katundu wa m'nyumba ndi wake alembetse yekha. Zimene wa lendi wawononga mwini wake kawirikawiri sizilipidwa, n'chifukwa chake pamakhala dipoziti. Malo oopsa ndi pakati pa wotuluka ndi wolowa. Miyezi iwiri yopenta ndi kufunafuna munthu wina ndi imene nyumba imakhala bwinja, ndipo akuba a mawaya amaidziwa bwino nthawi imeneyo.

Tsono tinene kuti mwini nyumba uja anachita zonse bwino, kampani yavomera kulipira. Sizikutanthauza kuti alandira K10 miliyoni. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo simenti, malata ndi mawaya zinakwera. Ngati kumanganso nyumbayo lero kukufuna K100 miliyoni pomwe iye analembetsa K60 miliyoni, kampani imati wateteza magawo 60 okha pa 100. Imulipira K6 miliyoni, n'kuchotsaponso gawo lake lija. Mtengo wolembetsa ukhale wa kumanganso, osati wogulitsira, chifukwa malo sapsa. Muphatikizemo mpanda, geti, boyizi kota, thanki ndi sola, ndipo muziuonanso chaka chilichonse.

Kwa amene abwerera pakatha zaka, ine ndingasankhe wa lendi, katundu wanga n'kumusunga kwina. Amene akufuna kudzafikira m'nyumba yake pa tchuthi aike mbale wokhazikika m'tauni, wa ntchito kapena wa ana a pasukulu, amene sachoka miyezi. Mlonda yekha ndimamuika pamapeto, pokhapokha kalata ya kampani ija ili m'manja. Pa njira iliyonse pakhale munthu mmodzi ku Lilongwe amene kampani ikumudziwa polemba, woti vuto likagwa akanene kupolisi tsiku lomwelo, ajambule zithunzi asanakonze kanthu, ndi kudziwitsa kampani masiku olembedwa m'pangano asanathe. Akakukanizani mosamveka, madandaulo amapita kwa Mlembi wa mabungwe a zachuma ku Reserve Bank of Malawi, ndipo kumeneko chimene adzafune kuona ndi makalata amene munalemberana.