Lipoti la ngongole za makasitomala: momwe lakhalira chilipirireni laisensi

"Achimwene, pulogalamu ya maakaunti munagula ija, lipoti lake losanja ngongole m'magawo a masiku limathandizadi? Kapena ndingokhala ndi Excel yanga?"

Limathandiza ndithu, koma pokhapokha wina atakhala pansi sabata iliyonse n'kulumikiza ndalama zolowa ndi mainvoisi ake. Mukapanda kutero lidzakuyambanitsani ndi makasitomala abwino. Ndikulemba izi bilu ya laisensi ya chaka china ili patebulo, ndiye mtima sunakhale m'malo kwenikweni.

Zoyenda bwino sizifuna mawu ambiri. Lipoti limatuluka nthawi yomweyo, kasitomala aliyense ali ndi mzere wake, ndipo ngongole yake imagawidwa pasanu: yomwe tsiku lolipira silinakwane, yopitirira ndi masiku 1 mpaka 30, 31 mpaka 60, 61 mpaka 90, ndi yodutsa 90. Mukadina nambala mumaona mainvoisi amene ali pansi pake. Kutumiza ku Excel sikuvuta.

Chinthu choyamba kuyang'ana ndi pomwe pulogalamu ikuyambira kuwerenga masiku. Pali "Invoice date", tsiku lolembera invoisi, ndi "Due date", tsiku lomaliza kulipira. Yathu inabwera itaikidwa pa loyambalo, ndipo wogulitsa sanatchuleko. Kwa ife opereka katundu pa ngongole ya masiku 30, zikutanthauza kuti munthu amene sanachedwe ngakhale tsiku limodzi amaoneka kale m'gawo la masiku 1 mpaka 30. Sinthani pamenepo musanasindikize chilichonse.

Vuto lenileni, lomwe silinathe mpaka lero, ndi ndalama zolowa popanda nambala ya invoisi. Kasitomala akatumiza pa Airtel Money, pa Mpamba kapena kubanki, nthawi zambiri amangolemba dzina la shopu yake basi. Kalaliki amalemba lisiti pa akaunti ya kasitomalayo, pulogalamu n'kuvomera osafunsa kuti ndalamayi ikutseka invoisi iti. Imangokhala poyera ngati "Unallocated".

Tiyerekeze ndi kasitomala wa shopu ya zomangira, lipoti la pa 30 Juni. Anatenga katundu wa K1,200,000 pa 10 Febuluwale, woyenera kulipidwa pofika 12 Malichi. Anatenganso wa K800,000 pa 20 Epulo, wolipira pofika 20 Meyi, kenako wa K500,000 pa 15 Juni, womwe tsiku lake ndi 15 Julaye. Pa 5 Meyi anatumiza K1,200,000 kubanki, ndipo aliyense angaone kuti amatseka invoisi ya Febuluwale. Koma lipoti likuonetsa K1,200,000 m'gawo lodutsa 90, ati yachedwa ndi masiku 110. K800,000 ili m'gawo la 31 mpaka 60, zomwe n'zoona popeza yachedwa ndi masiku 41. M'gawo la zosakwana tsiku muli nambala yachilendo, -K700,000, chifukwa pulogalamu yatenga K1,200,000 yolipidwa ija n'kuichotsa pa K500,000 ya Juni.

Kumapeto kwa mzere kwalembedwa K1,300,000, ndipo nambala imeneyi ndi yolondola. N'chifukwa chake cholakwikachi chimabisala miyezi. Woŵerengera ndalama akafananiza chiwonkhetso cha lipoti ndi akaunti ya angongole mu leja, zonse zimagwirizana, iye n'kusainira. Koma abwana saona chiwonkhetso, maso awo amathamangira kugawo lodutsa 90, n'kulamula kuti munthuyo asapatsidwenso simenti mpaka alipire. Wamalonda akaimba foni, kasitomala amatumiza chithunzi cha lisiti ya kubanki pa WhatsApp ndi mawu oti "Mesa ndinalipira kalekale?" Manyazi ake sasimbika, ndipo K800,000 yochedwadi ija palibenso amene amaitchula pa foni imeneyo.

Chizindikiro chake n'chosavuta: nambala iliyonse yokhala ndi kamzere kochotsera m'gawo la zosakwana tsiku ndi lisiti kapena kiredit noti yosalumikizidwa. Musanatulutse lipoti, tsegulani mndandanda wa "Unallocated", mulumikize lisiti iliyonse ndi invoisi yake. Kasitomala akapanda kunena, tsekani yakale kwambiri n'kumudziwitsa. Pali batani lolumikiza zokha, koma ndilibe nalo chikhulupiriro, chifukwa limayamba ndi invoisi yakale ngakhale ili yokanganirana, monga ya malata amene anabwezedwa koma kiredit noti yake sinalembedwe. Likatero mkangano umakwiririka, ndipo invoisi imene munthu analipiradi ndi imene imatsala yosatsekedwa.

Kugawo lodutsa 90 kumadzazanso timakwacha totsalira ta msonkho wodulidwiratu. Makampani ndi mabungwe akamalipira katundu amadula 3 pa 100 n'kukapereka ku MRA, pokhapokha mukhale ndi chikalata chokumasulani. Tisiye kaye za VAT: pa invoisi ya K2,000,000 mulandira K1,940,000. K60,000 yotsalayo si ngongole ya kasitomala ayi, koma pulogalamu sidziwa zimenezo, imangoikalambitsa mwezi ndi mwezi. Funsani satifiketi ya msonkhowo, mukailandira mutseke invoisi posamutsa K60,000 kupita ku akaunti ya msonkho womwe mudzachotsere pa msonkho wanu wa pachaka. Dutsani pa akaunti ya kasitomala pochita zimenezi. Mukalemba jenolo molunjika pa akaunti yaikulu ya angongole, leja imatsika koma lipoti silisuntha, ndipo kuyambira pamenepo ziwirizi sizidzagwirizananso.

Kunena za Excel yanu, kugawa masiku imatha bwinobwino. Ngati tsiku la lipoti lili mu B1, tsiku lomaliza kulipira mu D5, ikani mzere woyambawu mu E5 ndipo wachiwiri mu F5:

```
=$B$1-D5
=IF(E5<=0,"Isanakwane",IF(E5<=30,"1-30",IF(E5<=60,"31-60",IF(E5<=90,"61-90","90+"))))
```

Imayamba kulemetsa anthu akamalipira pang'onopang'ono, chifukwa chotsala cha invoisi iliyonse muyenera kuchisintha pamanja, ndipo anthu awiri akagwira fayilo imodzi zinthu zimasokonekera osadziwa wasokoneza ndani.

Chimene chandidabwitsa mokomera ndi chakuti lipoti lokonzedwa bwino limaulula munthu asanagwe. Mukaika la mwezi uno pambali pa la mwezi watha, mumaona kasitomala amene ngongole yake yonse sinasinthe, koma ndalama zikusamuka kuchoka gawo la 1 mpaka 30 kupita la 31 mpaka 60. Ameneyo ndiye woimbira foni lero, osati kudikira afike ku 90. Amene anaona kwacha ikutsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023 akudziwa kuti ngongole yobwezedwa mochedwa sigulanso matumba a simenti amene inatulutsa.

Wogulitsa ndiye wandigwetsa ulesi. Pogula anati ndalama zolowa zizidzilumikiza zokha kuchokera pa sitetimenti ya kubanki. Titadandaula za "Unallocated" tinauzidwa kuti chimenecho ndi chigawo chogula padera, ndipo kubwera kudzaphunzitsa kalaliki n'kolipiritsanso pa ola. Laisensi amaiwerengera m'madola, ndiye bilu ya m'makwacha yakwera pomwe pulogalamu ndi yomwe ija. Ndapempha kuti pulogalamu izikana kusunga lisiti yopanda invoisi, yankho lake ndi lakuti "tikuziona".

Ndilipira chaka chino, monyinyirika, chifukwa kusamutsa mainvoisi osatsekedwa a makasitomala onse kupita kwina n'kodula kuposa biluyo. Inu achimwene, ngati okutengani pa ngongole ndi ochepa oti mumawadziwa pamtima, khalani ndi Excel, ndalamayo mugulire katundu. Akachuluka gulani, koma musanapereke tambala muuzeni wogulitsa alowetse malisiti anu enieni a mwezi umodzi inu mukuona, ndipo alembe papepala kuti kulumikiza sitetimenti ya kubanki kuli mkati mwa mtengo.