Kutsitsa rezolushoni kapena kukweza Scale: iti imachotsa chimbuuzi pa monita?

Mlamu wanga anagula monita ya mainchesi 24 yogwiritsidwapo kale ntchito, n'kuilumikiza ku laputopu yake yakale. Mawa lake anandiimbira kuti amubera, zilembo zikuoneka mwachimbuuzi ngati galasi lapakidwa mafuta. Monitayo inalibe vuto. Laputopu yake ndi ya 1366 x 768, monita ndi ya 1920 x 1080, ndipo anaziika pa Duplicate, kotero zonse ziwiri zinkalandira chithunzi chimodzi, cha saizi ya laputopu.

Nkhani yagona apa: sikirini ya monita ili ndi timadontho towerengeka, tosasuntha. Ya mlamuyi ili ndi timadontho 1920 chopingasa ndi 1080 chotsika. Mukaipatsa chithunzi cha timadontho 1366 chopingasa, iyenera kuchikoka kuti chidzaze, ndiye kadontho kamodzi ka chithunzi kamagwera pa timadontho pafupifupi 1.4 ta sikirini. Kadontho sikagawika. Monita imangosakaniza mtundu wa kadontho aka ndi koyandikana nako, mzere wakuda wa chilembo n'kusanduka wotuwa m'mbali. Chimbuuzi chija ndi chimenecho.

Tinadina batani la Windows pamodzi ndi P, n'kusankha Extend kuti monita ikhale ndi chithunzi chakechake, kenako mu Settings > System > Display tinasankha monitayo n'kuika Display resolution pa 1920 x 1080, pomwe palembedwa (Recommended). Zilembo zinawala pompo. Koma mlamu anadandaulanso: "Alamu, tsopano tizilembo tachepa, maso angawa sangathe." Apa m'pamene pali njira ziwiri zomwe anthu amalimbirana.

Yoyamba ndi yomwe ambiri tinaizolowera kuyambira pa mamonita a chimbuyo chachikulu aja: kutsitsa rezolushoni. Pa mamonita amenewo zinkatheka bwino poti analibe timadontho tokhazikika motere. Pa monita yopyapyala ya lero, mukatsitsa kufika pa 1280 x 720, zinthu zimakuladi, koma kadontho kalikonse kakokedwa kamodzi ndi theka, ndipo chimbuuzi chabwerera pa chilichonse, zithunzi ndi mavidiyo omwe. Ubwino wake ndi umodzi woti sindingaukane: mapulogalamu onse, ngakhale akalekale, amakula mofanana, palibe batani lothawa pamalo pake.

Yachiwiri ndi kusiya rezolushoni pa 1920 x 1080 n'kukweza Scale, yomwe ili pa tsamba lomwelo. Mukaika 150%, zilembo zimakula chimodzimodzi ngati pa 1280 x 720 paja, koma kusiyana kwake n'kwakukulu. Apa Windows sikoka chithunzi chaching'ono. Imajambula chilembo chilichonse mwatsopano ndi timadontho tambiri, ndiye m'mbali mwake mumakhala mwakuthwa. Kwa mlamu 150% inakulitsa mopitirira, mizere ya Excel yooneka inachepa kwambiri. Pa 125% m'pamene anati basi pompo.

Nayonso ili ndi chilema chake. Mapulogalamu ena akale sadziwa za Scale, ndiye Windows imangowakoka ngati chithunzi, iwo okha n'kuoneka mwachimbuuzi pomwe zina zonse zili bwino. Chimenechi ndi chizindikiro chothandiza: chimbuuzi chikakhala pa pulogalamu imodzi, nkhani ndi ya Scale, chikakhala paliponse, ndi ya rezolushoni kapena chingwe. Pulogalamu yoteroyo mungaiyese podina batani lakumanja la mausi pa chizindikiro chake n'kupita pa Properties > Compatibility > Change high DPI settings, kuchonga Override high DPI scaling behavior n'kusankha Application. Imayera, koma nthawi zambiri zilembo zake zimabwerera ku ung'ono. Musankhe nokha chomwe chikukupwetekani pang'ono.

Ine ndimatsitsa rezolushoni pa magemu okha, laputopu ikamalephera kukoka. Pamenepo liwiro limaposa kuthwa, ndipo zinthu zikamathamanga diso silisamala kwenikweni. Koma polemba ndi powerenga tsiku lonse, Scale yapambana kutalitali.

Njira zonsezi n'zopanda pake ngati 1920 x 1080 sikuoneka n'komwe pa mndandanda. Zikatero onani mu Device Manager pa Display adapters: pakalembedwa Microsoft Basic Display Adapter, ndiye kuti dalaivala weniweni wa zithunzi sanaikidwe. Chinanso ndi chingwe. Cha VGA, cha mutu wabuluu chija, chikakhala chachitali kapena kamsomali kena kapindika, kompyuta ingalephere kumva saizi yeniyeni ya monita, ndipo ngakhale rezolushoni ili yolondola zilembo zimatha kukhala ndi kamthunzi kumbali. Dinani Auto pa monitayo kuti idzikonze. Mlamu tinangomusinthira cha HDMI, poti mabowo ake analipo mbali zonse ziwiri.