Kubisa dzina la waifai kapena kusintha pasiwedi: ndinayesa zonse ziwiri

Bandulo ya mwezi itandithera m'masiku 12, ndinadziwa kuti pali anthu pa mdadada wathu ku Chilomoni amene akudya nane osaitanidwa. Mnzanga wina ku ntchito anati ndingobisa dzina la waifai, akuba sadzaliona. Ndinabisadi. Popeza anzanga ambiri akundifunsa ngati zimathandiza, ndilembe kamodzi.

Kubisako n'kosavuta. Mumalowa mu rauta polemba adiresi yake mu bulawuza, kawirikawiri 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1, ndipo marauta ambiri oika simu ndi 192.168.8.1. Pa mbali ya waifai mumachonga Hide SSID, kapena kuchotsa chongi pa Enable SSID Broadcast. Ngati rauta yanu ili ndi 2.4 GHz ndi 5 GHz, mbali iliyonse ili ndi kabokosi kake. Ine ndinabisa imodzi, inayo inatsala poyera masiku awiri.

Mavuto anayamba usiku womwewo. Magetsi atazima n'kuyakanso, rauta inadzuka bwinobwino, koma foni ya mayi a kunyumba inakana kulumikiza. Netiweki inali pa mndandanda wa zosungidwa, pasiwedi yomweyo, koma zii. Ndinazimitsa rauta katatu, mpaka kuiimika pa windo. Chifukwa chake ndinachimvetsa mawa lake: foniyo inasunga netiwekiyo pamene dzina linkaoneka, ndiye inkangodikira kuti rauta ilitchule. Rauta yobisa dzina imadikira kuti foni iyambe ndiyo kuliitana. Onse awiri anangokhala chete ngati apongozi.

Mankhwala ake ndi kuiwalitsa netiwekiyo ndi Forget, kenako kuilemba pamanja. Pa Android mumapita pa Add network, kulemba dzina, kusankha Security yofanana ndi ya rauta, kulemba pasiwedi, kenako kutsegula Advanced options ndi kuika Hidden network pa Yes. Mukaiwala kameneka, foni imasunga zonse koma osalumikiza. Dzinanso liyenera kufanana chilembo ndi chilembo: KwaGogo ndi kwagogo ndi maina awiri osiyana, ndipo foni sikuuzani kuti mwalakwitsa dzina. Pa iPhone mumadina Other pansi pa mndandanda. Pa laputopu ya Windows mumadina Hidden Network n'kulemba dzina.

Taonani pamenepo: Windows ikuonetsa Hidden Network poyera. Rauta siisiya kulengeza kuti ilipo, imalengezabe pafupifupi ka 10 pa sekondi, kungoti malo a dzina imasiya opanda kanthu. Ndipo foni yanu ikamalumikiza imatchula dzinalo mosabisa, moti wodziwa zinthu amene ali ndi pulogalamu yomvetsera amalitola mosavuta. Choipa china, foni yoikidwa Yes ija imapitiriza kuitana dzina la kwanu kulikonse, mu minibasi ya ku Limbe ngakhale mu msika wa Blantyre.

Pulinta yanga inandidyera Loweruka lonse. Kabatani ka WPS, kolumikizira chida popanda kulemba pasiwedi, kamene ndinkadalira kanaleka kugwira ntchito, pakuti marauta ambiri amakazimitsa dzina likabisika, ndiye ndinalemba dzina ndi pasiwedi ndi timabatani ta mivi, chilembo chimodzichimodzi.

Chimene chinandiwawa kwambiri n'chakuti bandulo yotsatira inathanso msanga. Nditatsegula mndandanda wa zida zolumikizidwa mu rauta ndinapeza 11, pomwe za m'nyumba mwathu ndi 6. Anyamata a kuseri sanafune n'komwe kuona dzina. Mphwanga ankangotsegula Share pa foni yake, kachizindikiro ka QR n'kutuluka, anzake n'kujambula. M'kachizindikiro kameneka muli dzina, pasiwedi, ngakhale uthenga woti netiweki ndi yobisika:

```
WIFI:T:WPA;S:KwaGogo;P:xxxxxxxx;H:true;;
```

H:true ameneyo ndiye amauza foni ya mlendo kuti iitane yokha dzinalo. Iwo ankalowa mosavuta kuposa ine mwini rauta.

Njira inayo inanditengera mphindi 10. Ndinabwezeretsa dzina poyera, ndinasiya Security pa WPA2 (WPA3 ndi yabwino koposa, koma pulinta yanga yakale siidziwa), ndinaika pasiwedi yatsopano ya zilembo 16, ndinazimitsa WPS, ndinasinthanso pasiwedi yolowera mu rauta momwemo, imene inali idakali admin. Zida zonse zachilendo zinagwa nthawi yomweyo. Ana ndi alendo ndinawatsegulira Guest network yokhala ndi pasiwedi yakeyake, imene ndimasintha ndikagula bandulo.

Kusefa zida ndi MAC filter, kumene rauta imalola zida zokhazo zimene mwalembetsa adiresi yake, ndinakuyesa tsiku limodzi basi. Mafoni a masiku ano amadzipangira adiresi yongopeka pa netiweki iliyonse, ndipo mlendo aliyense akabwera ndiye kuti mulowenso mu rauta kukamulembetsa.

Ubwino umodzi wa kubisa sindiukana: pa masabata atatu amene dzina linali lobisika palibe anagogoda pa geti n'kunena kuti "achimwene, tagaweniko waifai". Dzina litabwerera, wa nyumba yachitatu anafika tsiku lomwelo madzulo.