Mota yotembenuza mazira: mmene yagwirira ntchito patapita miyezi ingapo

"Achimwene, mota ija munaika pa makina anu oswetsa mazira ikadali bwino? Yanga imapitirira pamene ndikufuna iime, kenako imagwedezeka. Kodi ndiwonjezere Kp?"

Ikugwirabe ntchito, ndipo nditafuna ina ndingagulenso yomweyi. Ndi mota ya mavoti 12 yokhala ndi magiya komanso enikoda, kachipangizo kowerenga mmene mota yazungulirira, kumbuyo kwake, ndipo Arduino ndiyo imailamula kuti ipendeketse thireyi kuchoka pa madigiri 45 mbali imodzi kukafika pa madigiri 45 mbali inayo. Ulendo wonse ndi madigiri 90. Koma Kp musaikhudze kaye, achimwene. Vuto lanu lili kwina.

Thireyi yoteroyo imayenda motsatira zinthu zitatu. Choyamba ndi J, kulemera kwake pozungulira, kuphatikiza mota ndi magiya omwe. Chachiwiri ndi Kp, mphamvu yoikokera pamalo amene mwailamula. Chachitatu ndi chilichonse chimene chimaletsa liwiro, ndiko kukhuzana kwa zitsulo, b, pamodzi ndi Kd imene mumalemba mu pulogalamu. Ine Kd ndimaiwerengera pa liwiro la thireyi lenilenilo, osati pa kusiyana kwa pamene ili ndi pamene ikupita, n'chifukwa chake masamu awa amagwirizana ndi zimene ndimaona:

```
ωn = √(Kp / J)
ζ  = (b + Kd) / (2·√(Kp·J))
Mp = exp(−π·ζ / √(1 − ζ²))
Ts ≈ 4 / (ζ·ωn)
```

ωn ndi liwiro limene thireyi ikanagwedezekera popanda choiletsa. ζ, imene timaitchula kuti zeta, imanena kukula kwa choletsacho poyerekeza ndi chimene chikufunika kuti kugwedezeka kusakhalepo n'komwe. Mp ndi gawo la ulendo limene thireyi imapitirira nalo, ndipo Ts ndi nthawi imene imatenga kuti ikhazikike osatulukanso m'kati mwa 2 peresenti ya ulendowo. Pa madigiri 90, imeneyi ndi madigiri 1.8. Taonani bwino mzere wachitatuwo: mulibe ωn. Kupitirira kumadalira ζ yokha basi. ζ ikakhala 0.7 thireyi imapitirira ndi 4.6 peresenti, ikakhala 0.5 imapitirira ndi 16 peresenti, ikatsika kufika 0.3 ndiye 37 peresenti.

Ndili kuimanga, thireyi inali yopanda mazira. Ndinkaona mzere wa enikoda pa Serial Plotter, ndipo inkapitirira ndi madigiri 4 n'kubwerera kamodzi kokha. Pamenepo ζ inali pafupi 0.7, ωn pafupi 2, ndipo inkakhazikika m'masekondi osakwana atatu, monga mmene 4 / 1.4 imanenera. Nditadzaza mazira, zinasintha. Inayamba kupitirira ndi madigiri pafupifupi 15, ndipo pachimake inkafika patatha masekondi awiri ndi theka. Mukagawa 15 ndi 90 mumapeza 16.7 peresenti, kutanthauza kuti ζ yagwa kufika 0.5. Palibe chimene chinawonongeka. Mazira anachulukitsa J kawiri, ndipo popeza J ili pansi pa √ m'mizere iwiri yoyambayo, ζ ndi ωn zonse zinagawidwa ndi 1.41. Zikachulukitsidwa, ζ·ωn inatsika kuchoka pa 1.4 kufika pa 0.7, ndiye nthawi yokhazikika inakwera kufika masekondi pafupifupi 5.7.

Apa ndi pamene dzanja limathamangira ku Kp, poti munthu akaona chinthu chikuchedwa amafuna kuchipatsa mphamvu. Ndinayesa dala, nditaika miyala yolemera ngati mazira, kuti ndione ndi maso. Kp nditaichulukitsa kawiri, thireyi inanyamukadi mwachangu, ωn inabwerera pa 2. Koma ζ inatsikanso kufika 0.35, ndipo inapitirira ndi madigiri pafupifupi 28, miyala n'kumagubuduka. Nanga kukhazikika? Sikunasinthe. Mukachulukitsa mizere iwiri yoyamba ija, Kp imafafanizika, n'kutsala ζ·ωn = (b + Kd) / (2·J). Choncho Kp imangowonjezera kuchuluka kwa maulendo ogwedezeka ndi kukula kwake, koma nthawi imene kugwedezekako kumazirala siikhudza. Zili ngati minibasi imene mashoki anatha: mukaiikira masipuling'i olimba imangodumpha mofulumira, koma kudumphako sikusiya msanga.

Chimene chinathandiza ndi Kd. Ndinabweza Kp pamene inali, n'kumakweza Kd pang'onopang'ono thireyi ili yodzaza, mpaka kupitirira kunabwerera pa madigiri 4. Nthawi yokhazikika inatsika kufika masekondi anayi. Nthawi zonse chunani makina anu ali ndi katundu wochuluka amene adzanyamule, chifukwa pamenepo m'pamene ζ imakhala yochepa kwambiri. Tsopano thireyi ikakhala yopanda kanthu ζ imafika pafupi 1, ndipo siipitirira konse. Koma dziwani kuti pamenepo mzere wa Ts uja sugwiranso ntchito. Umanena masekondi awiri, pamene zoona zake ndi pafupifupi 5.8 / ωn, masekondi 2.9. Mukapitiriza kukweza Kd kuti ζ ipose 1, thireyi imayamba kukwawa chakumapeto kwa ulendo, ndipo nthawi yokhazikika imayambanso kutalika. Palinso malire ena: Kd ikakula kwambiri imakuza phokoso la enikoda, ndipo mota imalira ngakhale itaima.

Patapita miyezi, panabwera zinthu ziwiri zimene masamu amenewa sazidziwa. Magiya anayamba kukhala ndi mpata. Mukagwira thireyi mota itazima, imaseweza pang'ono isanagwire dzino. Chizindikiro chake n'chosiyana ndi cha ζ yochepa, ndipo kusiyanitsa ziwirizi kudzakupulumutsani ku ntchito yachabe. ζ ikachepa, kugwedezeka kulikonse kumakhala kocheperapo kuposa kwam'mbuyo mpaka kutha. Mpata wa magiya umabweretsa kunjenjemera kwakung'ono kosasintha kukula, kumene kumangopitirira. Ine ndinathana nako pouza pulogalamu kuti izimitse mota thireyi ikafika m'kati mwa digiri imodzi, komanso ndinamangirira kasipuling'i kofewa kokokera mbali imodzi kuti mano a magiya azikhala ogundana nthawi zonse.

China chinaoneka m'nyengo yozizira. Mota yanga ili kunja kwa bokosi lotentha, ndiye m'mawa wa mu Juni girizi amalimba. Thireyi sinkapitirira kwambiri ngati masiku onse, zimene zimaoneka ngati zabwino, koma nthawi zina inkaima itatsala ndi madigiri awiri, mota ikung'ung'udza osasuntha. Nditatsuka magiya n'kuika girizi wofewa zinatha. Ichi ndicho chokha chimene ndingaidandaulire motayi: girizi amene inabwera naye ndi wolemera.

Muonenso nambala imene mukutumiza ku analogWrite(). Ikangokakamira pa 255 poyamba ulendo, mota yafika pamapeto a mphamvu zake, ndipo ζ imene mungaiwerengere kuchokera pa kupitirira sikhala yolondola. Zikatero yesani ndi ulendo waufupi, wa madigiri 20, ndipo muwerengere pamenepo.

Kunena zoona, mazira safuna changu. Masiku ano sindilamula madigiri 90 nthawi imodzi, koma ndimasuntha malo olamulidwawo pang'onopang'ono kwa masekondi 15, ndipo thireyi imangotsatira mosagwedeza dzira ngakhale limodzi. Komabe musanachite zimenezi, dzazani thireyi yanu ndi miyala, ilamuleni ulendo umodzi, ndipo mundiuze madigiri amene yapitirira nawo ndi sekondi imene yafika pachimake. Ndi manambala awiriwo tipeza ζ ndi ωn zanu, n'kudziwa kuti Kd tiikweze kangati.