Masheya oyenda msanga ndi masheya ogona: otchipa ndi ati?

Amene munasinthapo ndalama zakunja mukulidziwa bolodi la mitengo iwiri lija: wogulira ndi wogulitsira. Pamsika wa masheya wa Malawi Stock Exchange ku Blantyre zilinso chimodzimodzi. Sheya iliyonse ili ndi mtengo umene ogula akulonjeza ndi mtengo umene ogulitsa akufuna, ndipo mpata wa pakati pake mumalipira ndinu.

Tiyerekeze makampani awiri, onse sheya yake yalembedwa K100 m'nyuzipepala, ndipo inu mukufuna masheya 10,000.

Kampani yoyamba masheya ake amasintha manja tsiku ndi tsiku. Ogula ali pa K99, ogulitsa pa K100, ndipo mbali zonse ziwiri kuli anthu ambiri. Mulipira K1,000,000. Vuto likakugwerani mawa lake n'kugulitsa onse, mulandira K990,000. Yapita ndi K10,000 yokha.

Yachiwiri ndi ija imatha sabata osagulidwa ngakhale sheya imodzi. Pa K100 pali masheya 4,000 okha, wogulitsa wotsatira akuti popanda K105 sataya ake. Ndiye 6,000 otsalawo akudyerani K630,000, zonse pamodzi K1,030,000. Pogulitsa m'pamene pamawawa kwambiri. Wogula woyamba akufuna 3,000 pa K90, winayo atenga 7,000 koma pa K85. M'manja mwanu mubwera K865,000. Mwataya K165,000 kampani isanalakwitse kalikonse, ndipo apa sitinawerengere komishoni imene bulokala, amene amakugulirani ndi kukugulitsirani masheya pamsikapo, amakudulani pogula ndi pogulitsa pomwe.

Nanga mpatawu umakula chifukwa chiyani? Masheya ambiri a kampani yotere amakhala m'manja mwa eni ake akuluakulu ndi mabungwe osunga ndalama za penshoni, amene sagulitsa wamba. Otsala pamsika ndi ochepa. Wokugulani akudziwa kuti nayenso adzavutika kupeza womugula, choncho amatsitsiratu mtengo kuti adziteteze. N'chimodzimodzi thumba la chimanga ndi ngolo: chimanga mupeza wogula dzuwa lisanalowe, ngolo mudikira kapena muitaya motchipa.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi K100 ya m'nyuzipepala ija. Ndi mtengo wa malonda omaliza, mwina a masabata atatu apitawo, mwinanso a masheya 200 okha. Musanatulutse ndalama mufunseni bulokala wanu: lero ogula ali pa zingati, ogulitsa pa zingati, ndipo pa mtengo uliwonse pali masheya angati? Mwezi wathawu malonda anachitika masiku angati?

Ine ndalama imene ndingaifune chaka chisanathe, monga ya fizi ya ana, sindingaiike mu kampani yachiwiriyo. Koma sikuti ndi yoipa ayi. Ngati ikupindula bwino ndipo musunga masheyawo zaka khumi mukulandira gawo lanu la phindu, mpata uja mumaulipira kamodzi kokha. Pogula muuzeni bulokala malire, kuti asapitirire K100, ndipo muvomere kudikira ngakhale milungu ingapo kuti 10,000 aja akwane.