Kufinyiratu mkaka kapena kudikira: mayi woyamwitsa akamwa mowa

Kusamwa n'komwe ndiye kotetezeka kwambiri. Koma ngati mayi wasankha kumwa pa ukwati kapena pa chinkhoswe kuno ku Mzuzu, pali njira ziwiri.

Yoyamba ndi kudikira. Mowa umalowa mumkaka mofanana ndi mmene uliri m'magazi, ndipo umachulukitsitsa pakatha mphindi 30 mpaka 60. Botolo limodzi la mowa wamba la mamililita 330 limatha m'thupi pa maola 2 kapena 3, mabotolo awiri pa maola 4 kapena 5. Choncho mayi ayamwitse kaye, kenako amwe. Akayamba kumwa botolo limodzi 7 koloko madzulo, asayamwitse isanakwane 10 koloko. Vuto n'lakuti khanda la milungu yochepa limayamwa pafupipafupi, silingadikire motero, ndiponso chiwindi chake chimachedwa kuchotsa mowa. Kachasu ndi masese mphamvu yake sidziwika, ndiye kuwerengera maola sikuthandiza.

Yachiwiri, imene ndi yabwinopo, ndi kufinyira mkaka m'kapu yoyera yovindikira mayi asanamwe. Umakhala bwino maola 4 pamalo pozizirira, kapena masiku 4 mufiriji, ndipo mwana akalira amamwetsedwa womwewo.

Kufinya n'kutaya mkaka mutamwa kale sikufulumizitsa kanthu, chifukwa mowa umachoka mumkaka pokhapokha ukachoka m'magazi. Kumangochepetsa ululu mabere akadzaza. Mowa suchulukitsanso mkaka: umaulepheretsa kutsika bwino, mwana amayamwa wochepa ndipo amadzukadzuka. Mayi amene wamwa asagone ndi khanda pamphasa kapena pabedi limodzi usiku umenewo, angaligonere osadziwa.