Kulimbikitsa, kulamula kapena kudzichepetsa: achinyamata amamvera mawu ati?

Ine ndimaphunzitsa kwaya ya achinyamata kutchalitchi kwathu, ana a zaka 13 mpaka 17, ambiri a Fomu 1 mpaka Fomu 3. Njira zitatu zonsezi ndinaziyesapo pa vuto limodzi lomwelo: pulakatisi imayamba 2 koloko Loweruka koma anyamata a besi amatulukira cha m'ma 3 anzawo atatopa kale ndi kudikira.

Kulamula kumamveka chonchi: "Iwe, uzifika 2 koloko. Ukachedwanso usabwere." Mawu ake ndi aafupi, khala, tuluka, zimitsa foni, ndipo amagwira pompopompo. Tikakwera lole kukaimba kumpingo wina ndiye wina wakhala m'mphepete miyendo ili lendee kunja, sindinyengerera ayi, ndimangoti "tsika apo, khala pansi" basi. Koma pa nkhani yochedwa kulamula kumapusitsa. Ana athu analeredwa kuti wamkulu sayankhidwa, ndiye mnyamata amangoti "chabwino" maso ali pansi, iwe nkumati zalowa, Loweruka linalo osabwera, linalonso osabwera, kenako umangomva kuti masiku ano amakhala kumpira. Chimawawa kwambiri ndi ka "iwe" kaja pamaso pa anzake, makamaka atsikana a sopulano akuyang'ana. Ukanena kwa gulu lonse kuti "takhalani chete" palibe amene amachita manyazi, koma ukaloza mmodzi wamuvula pagulu ndipo wa zaka 16 saiwala zimenezo.

Kudzichepetsa ndiye uku: "Pepanitu, ndimati mwina ngati kungatheke muzifikako msanga." Awa ndi mawu olankhulira apongozi kapena amfumu. Taonani, mulibemo nthawi, mulibemo woti achite ndani, muli "mwina" ndi "ngati" ndi ka "-ko" kofewetsa, ndiye mwana amamva kuti akhoza kusankha. Pagulu sizigwira, ena amayamba kunong'onezana usanamalize nkomwe. Koma sindikutaya, chifukwa pali malo awiri pomwe palibe china chingalowe m'malo mwake. Poyamba ukalakwa iweyo, monga tsiku lomwe ndinakalipira mtsikana wina kuti akuseweretsa foni pomwe iye amawerenga mawu a nyimbo, ndinapepesa pamaso pa onse ndipo kuchokera pamenepo anayamba kumasuka nane. Kachiwiri mukakhala awiriwiri. Ndinamutengera pambali mmodzi wa ochedwa aja nkumufunsa modekha kuti "tandithandize kumvetsa, chimakuchedwetsa nchiyani?" ndipo ndi pomwe ndinadziwa kuti amagulitsa pabenchi ya mayi ake kumsika mpaka iwo atabwerako kukaoda tomato. Ndikanapitiriza kulamula sindikanazimva izi, akanangosiya kwaya.

Kulimbikitsa ndi komwe ine ndimasankha ngati mawu a tsiku ndi tsiku, koma anthu amakusokoneza ndi kuyamikira chilichonse. "Mwachita bwino nonse, ndinu madolo" si kulimbikitsa. Achinyamata amadziwa okha pomwe aimba zophonya, ukawayamikira pamenepo amaona kuti ukuwanamiza kapena ukuwatenga ngati ana a Sande sukulu, ndiye tsiku lomwe udzayamikire zoona sadzakhulupirira. Chomwe ndinanena kwa anyamata aja ndi ichi: "A besi, sabata yatha pa ndime yachiwiri paja munatsika bwino mpaka nyimbo inakhazikika. Nyimbo ya Pasaka ikuyambira kwa inu, ndiye tiyeni 2 koloko tikhale titayamba, mphindi 20 zoyambirira ndi zanu." Nthawi ilimo yomweyo ngati ya wolamula uja, 2 koloko sinasinthe. Chasintha nchoti ndatchula chinthu chenicheni chomwe anachita, ndawapatsa chifukwa choti kuchedwa kwawo kuli ndi kanthu, komanso "tiyeni" wandilowetsa inenso m'pangano, kutanthauza kuti nanenso 2 koloko izindipeza ndili pakhomo la tchalitchi. Ukanena "tiyeni" iwe nkufika mochedwa, wawaphunzitsa kuti mawu ako ndi ongolankhula.

Ngozi yake ina ndi kuyamikira mwana mmodzimodzi yemweyo sabata ndi sabata. Anzake amayamba kumutcha wokondedwa wa aphunzitsi ndipo iye amayamba kuimba motsitsa dala kuti asaonekere. Nchifukwa chake ndimayamikira mzere wonse, a alto, a tenala, za munthu payekha ndimakamuuza potuluka.

Podziwa ngati mawu agwira musayang'ane kuti akhala chete bwanji mukamalankhula, chete amakhala ngakhale atakwiya. Ine ndimawerenga amene abwera Loweruka lotsatira, ndi amene afunsa funso osaopa kusekedwa. A besi anayi mwa asanu anayamba kufika nthawi yake. Wa kumsika uja tinagwirizana kuti azifika hafu pasiti 2, ndipo mbali yake timaibwereza iye akalowa.